Thumba limodzi la mtedza: dongosolo la ntchito pa bizinesi ya chiponde

Anthu ambiri akaganiza zoyamba bizinesi ya chiponde, maganizo awo amathamangira pa makina ogayira. Amafunsa mtengo wake, kumene amagulitsidwa, ndiponso kuchuluka kwa mtedza womwe amagaya pa ola limodzi. Komatu makina ndi gawo limodzi chabe. Bizinesi imayenda ndi dongosolo la ntchito, lomwe limanena kumene mtedza udzachokera, njira zimene udzadutsa, malo ogwirirapo ntchito ndi anthu odzaigwira. Njira yabwino yolembera dongosololi ndi kutsatira thumba limodzi la mtedza kuyambira pogula mpaka litasanduka mabotolo.

Tiyerekeze kuti gulu la amayi pamsika wina ku Mchinji likufuna kumagaya thumba limodzi la makilogalamu 50 a mtedza wosenda patsiku. Thumbali silingatulutse makilogalamu 50 a chiponde. Posankha, mwina makilogalamu 4 atayidwa chifukwa ndi mtedza wonyala, wofumbwa kapena wowola. Pokazinga, ena 3 auluka ngati chinyontho, ndipo timakoko tofiira tichotsa enanso 3. Otsala ndi makilogalamu 40, omwe ndi mabotolo 80 a magalamu 500. Ziwerengerozi zimasintha malinga ndi mtedza wake, choncho gululo liyese thumba lake pasikelo lisanalembe kanthu. Wowerengera mabotolo 100 pa thumba amaika mtengo wolakwika kuyambira tsiku loyamba.

Kuchokera pa thumba limodzili, zina zonse zimatuluka zokha. Masiku asanu pa sabata ndi matumba asanu, ndipo masabata 48 pa chaka ndi matumba 240. Apa ndi pamene pali mutu wa nkhani, chifukwa mtedza wa dzinja umakololedwa kamodzi pa chaka, cha m'miyezi ya Epulo mpaka Juni. Nthawi imeneyo umapezeka wambiri komanso wotsika mtengo, koma ikamayandikira nyengo yodzala umasowa ndi kukwera. Dongosolo linene matumba omwe gulu lingakwanitse kugula pokolola ndi mpamba umene ulipo, kumene adzasungidwe, ndi alimi amene adzapereke otsalawo. Linenenso mtundu wa mtedza. CG7 ali ndi mafuta ambiri ndipo njere zake n'zofanana kukula, motero amakazingika mofanana ndi kupereka chiponde chofewa. Mukasakaniza mitundu m'chiwaya chimodzi, njere zing'onozing'ono zimapserera zikuluzikulu zisanapse.

Mdani wamkulu wa bizinesi iyi ndi chuku. Mtedza ukasungidwa usanaume bwino, kapena ukathiridwa madzi kuti makoko afewe posenda, umachita chuku chomwe chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatokisini. Poizoniyu amawononga chiwindi, alibe mtundu wooneka ndi maso, ndipo kukazinga sikumuthetsa. N'chifukwa chake ubwino wa chiponde umakhazikika pogula. Wogula atape mtedza kuchokera pansi, pakati ndi pamwamba pa thumba, aununkhize, kenako alume njere zingapo. Mtedza wouma umathyoka ndi kaphokoso, pomwe wachinyezi umafwafwanyika m'mano. Njere zakuda, zobiriwira mkati kapena zowawa ndi chizindikiro choti thumbalo libwezedwe, ngakhale likhale lotchipa. Kugula kwa kalabu ya alimi yodziwika kumathandiza kudziwa m'mene mtedza unaumitsidwira, zomwe n'zovuta kudziwa mukagula kwa venda wosonkhanitsa uku ndi uku. Wosungidwa nthawi yaitali ukhale wamakoko, pa mathabwa, kutali ndi khoma, ndipo uzisendedwa pang'onopang'ono.

Pa tsiku logaya, ntchito imayamba ndi kupeta ndi kusankha, kuchotsa miyala ndi njere zoipa. Kenako mtedza umakazingidwa pa moto wofika pafupifupi madigiri 160, mpaka mkati mwa njere muoneke mofiirira mofanana. Ukangochoka pamoto uyalidwe msanga kuti uzizire, chifukwa ukaunjikidwa wotentha umapitiriza kupsa ndipo chiponde chimawawa. Ukazizira umafikisidwa kuti timakoko tichoke, n'kupetedwa. Apa usankhidwenso kachiwiri, pakuti njere zambiri zowonongeka zimaonekera bwino zikavulidwa. Pomaliza umagayidwa ndi mchere pang'ono, pafupifupi magalamu 10 pa kilogalamu, ndi kuthiridwa m'mabotolo oyera ndi ouma. Madzi asayandikire, popeza chiponde chimakhalitsa chifukwa chouma. Botolo lotsukidwa koma losauma limaonongetsa zam'kati.

Polemba njirazi, funso lofunika ndi lakuti: ndi pati pamene ntchito imachedwa? Kawirikawiri si pa makina ogayira ayi. Ngati chokazingira chimalowa makilogalamu 12 ndipo ulendo umodzi umatenga mphindi 40, mtedza wosankhidwa wa thumba limodzi ufuna maulendo anayi, omwe ndi maola pafupifupi atatu. Makina ogayira atha kumaliza zonsezo m'kanthawi kochepa n'kukhala chete tsiku lonse. Choncho gulu likafuna kuwirikiza ntchito, ndalama zipite kaye ku chokazingira ndi kwa osankha.

Malo nawo amasankhidwa potsatira thumba lomweli. Kukhala pafupi ndi alimi kumachepetsa mtengo wonyamulira mtedza, koma mabotolo, zivindikiro ndi mapepala omata zimachokera m'tauni, komwenso kuli ogula ambiri. Malo a pamsika wa m'mbali mwa msewu wa Lilongwe–Mchinji amayanjanitsa ziwirizi. Musanalipire lendi, funsani ngati magetsi a ESCOM a pamalopo angayendetse makina anu, chifukwa ena amafuna magetsi amphamvu ngati a chigayo. Lembaninso zimene mudzachite magetsi akathima. Nyumbayo ikhale ndi madzi aukhondo, pansi pa simenti, ndi mawindo otchinga ntchentche. Mtedza wosakazinga ulowere khomo lina, chiponde chitulukire lina, kuti fumbi la kosungira lisafike kumene mabotolo akudzazidwa. Izi ndi zina mwa zimene a bungwe la Malawi Bureau of Standards amayang'ana asanalole chizindikiro chawo pa botolo, ndipo masitolo akuluakulu amafuna chizindikirocho.

Pa thumba limodzi patsiku, anthu anayi angakwane: awiri osankha ndi kupeta, mmodzi wokazinga ndi kugaya, wina wodzaza mabotolo ndi kulemba za katundu. Wokazinga asakhale mmodzi yekha wodziwa ntchitoyo, chifukwa akadwala kapena akapita kumaliro ntchito yonse imaima. Osankha asalipidwe potengera kuchuluka kwa zimene asankha, popeza kutero kumawapangitsa kuthamanga ndi kusiya njere zoipa. Onse ayezedwe kuchipatala monga zimafunikira kwa okonza zakudya, avale zophimba kumutu, ndipo wotsegula m'mimba asagwire ntchito tsikulo.

Mmodzi mwa anayiwa asunge kope lolembamo kumene thumba lililonse lachokera, kulemera kwake lisanasankhidwe ndi litagayidwa, komanso tsiku lomwe ladindidwa pa mabotolo ake. Mabotolo akatsika kuchoka pa 80 kufika pa 70, kopelo lionetsa ngati vuto ndi mlimi, wokazinga kapena sikelo. Wogula akadandaula, mudziwa mabotolo oyenera kuitanitsa. Inu amene mukufuna kuyamba bizinesiyi, gulani kaye thumba limodzi, muligaye ku makina obwereka, muyeze pa gawo lililonse ndi kulemba zonse. Makina anu mukagule mutadziwa chiwerengero chenicheni cha mabotolo omwe thumba lanu limatulutsa.