Malonda atsika ndi 16.7 peresenti: nambalayi yachokera kuti?

Lipoti lomwe kompyuta imatulutsa yokha Lolemba lililonse limafika kwa bwana manambala ali okhaokha, opanda wowayankhulira. Bwana akaona kuti malonda atsika, amayamba kufunsa ogulitsa. Koma woyamba kufunsidwa ayenera kukhala amene anakonza lipotilo, ndipo funso lake ndi lakuti: mwaphatikiza chiyani, nanga mwagawa ndi chiyani?

Tiyerekeze sitolo yomwe imatsegula masiku 6 pa sabata. Sabata yapitayo inkagulitsa K180,000 pa tsiku tikatenga avareji. Sabata ino ndalama zonse zolembedwa ndi K900,000, koma Lachinayi netiweki inavuta ndipo malonda a tsikulo sanalowetsedwe m'kompyuta, ngakhale makasitomala anagula monga mwa masiku onse. Mu Excel, avareji imapezeka motere:

```
=AVERAGE(B2:B7)
```

Kabokosi ka Lachinayi kakasiyidwa kopanda kanthu, Excel imakadumpha n'kugawa K900,000 ndi masiku 5. Yankho ndi K180,000, kutanthauza kuti palibe chasintha. Koma mapulogalamu ena amaika 0 pamene sanalandire nambala, ndipo 0 ameneyo Excel imamuwerengera ngati tsiku lomwe sitolo sinagulitse kanthu. Apo imagawa ndi masiku 6 n'kupeza K150,000. Kusiyana kwa K30,000 kukagawidwa ndi K180,000 ya sabata yapitayo, mpamene pamatuluka 16.7 peresenti ija, ogulitsa n'kudzudzulidwa popanda chimene alakwa.

Kuzindikira vutoli sikovuta. Fomula ya `=COUNT(B2:B7)` imanena kuchuluka kwa timabokosi tomwe muli manambala. Ikapereka 5, ndiye kuti tsiku limodzi likusowa. Ikapereka 6, yang'anani ngati pali tsiku la 0, kenako mufananize ndi buku la malisiti.

Ine ndimaona kuti kufotokozera bwana fomula yokha n'kumusiya m'malere. Pansi pa nambala iliyonse pakhale chiganizo cha mawu wamba, monga ichi: "Iyi ndi ndalama ya malonda onse olembedwa kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, yogawidwa ndi masiku 5 omwe ali ndi manambala, za Lachinayi sizinalowe." Chiganizocho chinenenso ngati katundu wobwezedwa wachotsedwapo, komanso nthawi yomwe manambala anatengedwa, chifukwa lipoti lotuluka Loweruka masana silingakhale ndi malonda a madzulo. Ndipo kamodzi kokha khalani pansi ndi bwanayo, kakyuleta ili m'manja mwawo, awerengere okha mpaka yankho lawo lifanane ndi la lipoti.

Inu mabwana, musachite manyazi kufunsa. Musanaitane wantchito kuti adzayankhe mlandu wa peresenti, pemphani kuti akuonetseni manambala awiri omwe agawidwawo ndi masiku omwe awerengedwa.