Mmene mungacotsere nambala yanu pa Truecaller

Munthu amene simunakumanepo naye akakuimbirani foni n'kukuchulani dzina ndi udindo wanu, mtima umakhala pansi msanga. Akuba a pa foni amadziwa zimenezi. Kumaiko monga America kuli makampani ambiri amene nchito yao ndi kusonkhanitsa maina, manambala ndi makeyala a anthu n'kumagulitsa. Kuno ku Zambia mndandanda wotere umene anthu ambiri amaugwiritsa nchito ndi Truecaller, pulogalamu ya kampani ya ku Sweden imene inayamba mu 2009. Nambala yanu ingacotsedwe pa mndandandawu popanda kulipira, koma pali ndondomeko yake.

Ambiri amadabwa kupeza dzina lao pamenepo pamene sanaikepo pulogalamuyi mu foni yao. Cifukwa cake n'cakuti maina ambiri amacokera kwa anthu ena. Ena analola kuti maina onse a mu foni yao agawidwe, ndipo ena amalemba dzina la munthu amene wangowaimbira pulogalamuyo ikawafunsa. Conco dzina limene limaoneka silikhala kwenikweni la pa citupa canu. Nthawi zambiri limakhala limene munthu wina anakupatsani mu foni yake.

Tiyerekeze amai ena a ku Shikoswe kuno ku Kafue amene ndi msungicuma wa gulu la azimai mu mpingo. Mnzao anasunga nambala yao polemba kuti "Amai Msungicuma", n'kuonjezera dzina la mpingo. Ngati dzinalo lalowa mu Truecaller, aliyense wolemba nambalayo adziwa kuti mwini wake ndi mzimai, amapemphera kuti, ndiponso kuti amasunga ndalama za gulu. Wakuba safuna zambiri kuposa pamenepa. Angawaimbire modzicha wa ku ofesi ya mpingo n'kunena kuti ndalama za msonkhano zitumizidwe pa nambala yatsopano lero lomwe.

Coyamba cimene amaiwa ayenera kucita ndi kuona zimene zalembedwa. Apemphe munthu amene ali kale ndi Truecaller, koma amene sanasunge nambala yao, kuti aifufuze. Wina amene anaisunga angaone cabe dzina limene analemba yekha. Iwo asaike pulogalamuyo mu foni yao pofuna kudzionera, cifukwa kulembetsa kumapangitsa kuti apereke okha nambala ndi dzina.

Caciwiri cimakhudza amene anaikapo pulogalamuyi, ngakhale zaka zapitazo. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Kufufuta pulogalamu mu foni sikutseka akaunti. Akaunti imakhalabe pa makina a kampani, ndipo nambala imene akaunti yake ili yotsegula siicotsedwa pa mndandanda. Conco ngati amaiwa anaifufuta, aiikenso, alowe ndi nambala yomweyo, atsegule Settings, kenako Privacy Center, ndi kusankha Deactivate. Akatsimikizira kuti akufunadi kutseka, ndiye aifufute. Amene sanalembetsepo adumphe sitepe imeneyi.

Cacitatu ndi kucotsa nambala yeniyeniyo. Pa intaneti atsegule tsamba ili:

```
truecaller.com/unlisting
```

Nambala ilembedwe ndi khodi ya Zambia, +260, ndipo ziro woyamba asiyidwe. Ya Airtel yoyamba ndi 097 ikhala +26097, ya MTN yoyamba ndi 096 ikhala +26096, ya Zamtel yoyamba ndi 095 ikhala +26095, kenako manambala 7 otsalawo. Kusiya ziro pakati, monga +260097, kumacititsa kuti nambala ikanidwe. Akatsatira zimene tsambalo lifunsa potsimikizira, adinize batani la Unlist. Kampaniyo imanena kuti zingatenge maola 24. Amene ali ndi masimu awiri acite zimenezi kawiri, pakuti nambala iliyonse ili payokha.

Mawa lake afufuzenso, makamaka pa foni ya munthu wina amene sanafufuzepo nambalayo, cifukwa foni imene inafufuza kale ingaonetsebe zimene inasunga. Dzina likapanda kuoneka, zatheka. Likaonekabe, kawirikawiri vuto limakhala pa zinthu ziwiri. Mwina akaunti sinatsekedwe, kapena anthu anaika nambalayo m'gulu la manambala ovutitsa, ndipo Truecaller siicotsa manambala otere pa tsambali. Izi zimacitikira ngakhale anthu osalakwa amene anagula simu yatsopano, popeza makampani a foni amagulitsanso manambala amene akhala nthawi yaitali osagwira nchito, ndipo mbiri ya mwini wakale imatsatira nambalayo. Zikatero pafunika kulembera kampaniyo ndi kufotokoza. Amaiwa adziwenso kuti tsiku limene adzalembetsenso pa Truecaller, nambala yao idzabwerera pa mndandanda.

Kucotsa kumeneku kuli ndi malire. Kumatseka khomo limodzi cabe. Munthu akayamba kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena MTN MoMo, foni imamuonetsa dzina la wolandira asanatsimikizire, ndipo dzinalo limacokera pa kulembetsa kwa simu. Limeneli silicotsedwa, cifukwa ndi limene limathandiza kuti ndalama zisapite kwa munthu wolakwika. Conco kukuchulani dzina si umboni wakuti woimbayo amakudziwani.

Malo ena amene nambala imatulukira ndi zikalata zathu zomwe. Kalata yoitanira anthu ku msonkhano, uthenga wa maliro kapena cithunzi ca pulogalamu ya ukwati zikaikidwa pa intaneti, manambala a a komiti amakhala pamenepo zaka zambiri mwambo utapita. Kuti muone ngati yanu ilipo, ilembeni pa Google mkati mwa zizindikiro " ", koyamba ndi ziro, kaciwiri ndi +260. Google ili ndi fomu yopemphera kuti tsamba la nambala yanu lisamaoneke anthu akafufuza, koma tsambalo limakhalabe pamene lili. Amene angalifufute ndi amene analiika, ndipo nthawi zambiri ndi mlembi kapena wacinyamata woyang'anira tsamba la mpingo. Mpingo umene uli ndi nambala imodzi ya ofesi yolemba pa zilengezo umapewa vuto limeneli lisanayambe.

Nanga makampani a kuno amene amatumiza mameseji a ngongole ndi malonda? Lamulo nambala 3 la 2021, lochedwa Data Protection Act, limapatsa munthu ufulu wofunsa zimene bungwe lasunga zokhudza iye, wopempha kuti zifufutidwe, ndi wokana kuti nambala yake igwiritsidwe nchito pa malonda. Lembani kalata yaifupi yochula nambalayo, funsani kumene anaipeza, nenani kuti ifufutidwe, ikani deti ndi kusunga kope yanu. Akapanda kucitapo kanthu, dandaulo lingapite ku ofesi ya Data Protection Commissioner. Ufuluwu sufika pa zimene lamulo lina limafuna kuti zisungidwe, monga kulembetsa kwa simu kapena ngongole imene simunamalize kubweza.

Wakuba amene anakopera kale nambala yanu sayankha kalata. Nambala yake ineneni ku bungwe la ZICTA poimba *707#, ndipo musamuyankhe. Amai msungicuma aja, akalandira foni yoti atumize ndalama pa nambala yatsopano, adule ndi kuimbira abusa kapena mlembi pa nambala imene akhala nayo kale.