Matenda akamagwira anyamata okhaokha pamtundu

Pabanja pakabadwa mnyamata amene magazi ake sachedwa kutuluka koma amachedwa kuundana, ndiye nkukumbukira kuti malume ake nawonso anali choncho, anthu sachedwa kugamula kuti matendawa ndi a kuchikazi. Nthawi zina amalondola. Koma nthawi zina amamusenzetsa mayi mlandu pa matenda amene anachokera mbali zonse ziwiri. Madokotala oona za matenda akumtundu amalekanitsa ziwirizi poyamba ndi pepala ndi pensulo basi. Amajambula chithunzi cha banja chotchedwa pedigiri.

Pachithunzipo mwamuna amakhala kabokosi, mkazi kabwalo. Wodwala amamudetsa. Mzere wopingasa umalumikiza okwatirana, ndipo ana amalendewera pansi pawo kuyambira woyamba kubadwa kumanzere. Kuti chithunzicho chithandize pamafunika mibadwo itatu: agogo, makolo ndi abale awo, ndiponso ana.

Selo la munthu limakhala ndi makolomozomu 46, theka ochokera kwa mayi, theka kwa bambo. Mwa awa, 44 ndi ofanana mwa amuna ndi akazi ndipo amatchedwa maotozomu. Awiri otsalawo ndiwo amasiyana: mkazi ali ndi X awiri, mwamuna ali ndi X mmodzi ndi Y. Malangizo a chibadwa, omwe amatchedwa jini, nthawi zambiri amakhala ndi makope awiri, ndipo pali matenda ambiri obisala amene saoneka ngati kope limodzi lili bwino. Munthu wotero ndi wonyamula chabe.

Jini yolakwikayo ikakhala pa otozomu, mwana amadwala pokhapokha walandira kope lolakwika kwa mayi ndi linanso kwa bambo. Sikoselo amayenda motero, chimodzimodzinso chialubino chimene timachidziwa kwathu kuno. Onyamula awiri akakwatirana, pa mimba iliyonse mpata woti mwana adwale ndi umodzi mwa inayi, kaya ndi mnyamata kapena mtsikana. Koma jiniyo ikakhala pa X, monga zilili ndi hemofiliya, matenda a magazi osaundana aja, mnyamata alibe X wachiwiri womutchinjiriza. Kope limodzi lochokera kwa mayi ndi lokwanira kumudwalitsa.

Mfundo imene wowerenga pedigiri sayenera kuiiwala ndi iyi: bambo amapatsa X wake ana ake onse aakazi, ndipo sampatsa mwana wamwamuna ndi mmodzi yemwe. Mnyamata amatenga Y kwa bambo, X kwa mayi.

Tiyeni tijambule banja longoyerekeza. Agogo aamuna ndi agogo aakazi onse ali bwino. Ali ndi ana anayi, aamuna awiri ndi aakazi awiri, ndipo mmodzi mwa aamunawo ndi wodwala. Mmodzi mwa aakaziwo wakwatiwa ndi mwamuna wa kutali, wopanda naye ubale, ndipo abereka mnyamata wodwala ndi mtsikana wabwinobwino. Malume wodwala uja nayenso wakwatira, ndipo ana ake onse, aamuna ndi aakazi, ali bwino.

Kuti matendawa ndi obisala sitikukayika, popeza makolo osadwala abereka ana odwala kawiri konse. Chotsala ndi kuyesa njira iliyonse payokha, kulemba pansi pa munthu aliyense makope amene ayenera kukhala nawo, nkuona ngati pali pamene zikukana.

Tikati jiniyo ili pa otozomu, agogo onse awiri ayenera kukhala onyamula. Mwana wawo wamkazi uja ayeneranso kukhala wonyamula, ndipo mkamwini wochokera kutali uja nayenso akhale wonyamula jini yomweyo. Palibe chokana, koma kope lolakwikalo lalowa m'banjamo kudzera mwa anthu atatu osiyana mitundu. Tikati ili pa X, pakufunika munthu mmodzi yekha, agogo aakazi. Iwo anapatsa X wolakwika mwana wawo wamwamuna, amene anadwala, ndi mwana wawo wamkazi, amene anamupatsira mnyamata wake. Matendawa akakhala osowa, njira yachiwiriyi ndiyo yokhulupirika kwambiri, chifukwa nkovuta kuti onyamula atatu angokumana mwamwayi. Malume ndi mphwake kudwala, polumikizidwa ndi mayi wosadwala, ndicho chizindikiro chodziwika cha matenda a pa X.

Banja lachifumu la ku Mangalande linaonetsa zimenezi poyera. Leopold, mwana wa Mfumukazi Victoria, anali ndi hemofiliya ndipo anamwalira mu 1884. Mwana wake wamwamuna sanadwale, wamkazi sanadwalenso, koma wamkaziyo anadzabereka mnyamata wodwala.

Komabe ndikufuna kuchenjeza apa, chifukwa mpamene ambiri amathamanga. Zimene tapeza m'banja lathu lija ndi kuthekera kwakukulu, osati umboni. Kuwerenga kuti odwala onse ndi amuna sikokwanira. Ngakhale matenda atakhala a pa otozomu, odwala awiri akhoza kukhala amuna okhaokha kamodzi pa kanayi, ndipo atatu kamodzi pa kasanu ndi katatu. Mfundo ya kusowa ija nayonso imafooka kumene onyamula ali ambiri, monga sikoselo m'madera a malungo, kapena kumene anthu amakwatirana pachisuweni, poti kope limodzi la kholo lakale limatha kufika kwa mwana kudzera mbali zonse ziwiri. Nchifukwa chake pa pedigiri okwatirana apachibale amawalumikiza ndi mizere iwiri.

Umboni wamphamvu umapezeka mwa akazi odwala. Tibwerere ku banja lija, tidetse kabwalo ka mtsikana wa mkamwini uja. Kuti mtsikana adwale matenda a pa X, ayenera kukhala ndi X olakwika awiri, ndipo mmodzi mwa iwo anachokera kwa bambo ake. Bamboyo ali ndi X mmodzi yekha, ndiye naye akanakhala wodwala. Koma bamboyu ali bwino. Kabwalo kamodzi kameneka kagwetsa njira ya X, ndipo yankho likhala otozomu. Chimodzimodzinso mayi wodwala akabereka mnyamata wosadwala: mayiyo analibe X wabwino woti amupatse, choncho jiniyo singakhale pa X.

Ena amati bambo wodwala akabereka mnyamata wodwala ndiye kuti si matenda a pa X. Izi sizoona nthawi zonse. Mnyamatayo akhoza kukhala atatengera kwa mayi ake onyamula, ndipo zimachitika pa mavuto ofala monga kusasiyanitsa mtundu wofiira ndi wobiriwira.

Ngakhale umboni wa mtsikana uli ndi malire ake. Pali atsikana ochepa obadwa ndi X mmodzi. M'thupi la mkazi aliyense X mmodzi amatonthola m'selo lililonse, ndipo zikachitika kuti wotonthola kwambiri ndi wabwinoyo, wonyamula amaonetsa zizindikiro. Jini imathanso kulakwika mwatsopano: pafupifupi mmodzi mwa atatu obadwa ndi hemofiliya alibe mbale wodziwika amene anadwalapo. Palinso nkhani yovuta kuifunsa, yoti bambo wolembedwa pachithunzi si amene anabereka, komanso ana omwalira ali makanda amene banja silinadziwe chimene chinawatenga.

Yankho limasintha uphungu umene banja lipatsidwe. Ngati ndi pa X, ana onse aakazi a malume uja ndi onyamula, ana ake aamuna sanatengere kanthu kwa iye, ndipo mlongo wa mnyamata wodwalayo ali ndi mpata wa theka wokhala wonyamula, zomwe zikukhudza ana ake aamuna kaya akwatiwe ndi yani. Ngati ndi pa otozomu, mpata wa mlongo wosadwalayo ndi iwiri mwa itatu, koma ana ake angadwale pokhapokha mwamuna wake nayenso ndi wonyamula.

Mukamapita ndi mwana wotere kuchipatala, yambani mwafunsa akuluakulu a mbali zonse ziwiri, mulembe aliyense, odwala ndi osadwala, amoyo ndi omwalira. Mukatero pemphani kuti ayeze magazi, chifukwa ndiko kumene kumatsimikiza zimene chithunzi chaloza.