Ntchito ya miyezi itatu pa mbiri yofunsira ntchito

Ntchito yaifupi imalembedwa m'mzere umodzi: udindo, kampani, miyezi, ndi zomwe munthu anachita. Mwachitsanzo, kalaliki amene anayamba mu Januwale 2023 n'kusiya mu Malichi, amalemba miyeziyo ndendende. Kutambasula masiku kuti aoneke ngati chaka ndi bodza losachedwa kuululika, chifukwa bwana watsopano angathe kuimbira foni wakale.

Chifukwa chochokera chimalembedwa ngati chili chosakayikitsa, monga kutha kwa kontilakiti kapena kuchepetsa antchito. Kuchotsedwa kumadikira intavyu. Kumeneko, akafunsidwa, munthu amavomera m'ziganizo ziwiri: ntchito inafuna liwiro limene analibe, ndipo wachitapo zakuti. Kunyoza bwana wakale kumachititsa ofunsa kuganiza kuti mawa adzanyozedwa ndiwo.