Ndalama zikachepa, ntchito iti iyambe?

Pamsonkhano wa komiti ya kopaletivi, kapena wa bodi ya kampani, maganizo abwino sasowa. Wina afuna chigayo, wina lole, wina mthirira, ndipo aliyense ali ndi masamu osonyeza kuti ntchito yake idzabweretsa phindu. Chimene chimasowa ndi ndalama zokwanira zonsezo. Banki imaika malire pa ngongole, eni mashezi nawo safuna kuonjezera mpamba. Apa funso silikhalanso lakuti ntchito iti ili ndi phindu lalikulu, koma lakuti kwacha iliyonse ya mpamba wochepawo iikidwe pati kuti ibereke zambiri. Akatswiri a zachuma ali ndi muyeso woyankhira funsoli. Tiutche mlozo wa phindu. M'mabuku amaulemba mwachidule kuti PI.

Kawerengedwe kake

Mlozowu umapezeka pogawa mtengo wa lero wa ndalama zonse zimene ntchito idzabweretse ndi ndalama zoyambira ntchitoyo. Mawu akuti "mtengo wa lero" ndi ofunika. K1 miliyoni yobwera chaka chamawa siyilingana ndi K1 miliyoni imene ili m'manja, chifukwa ya m'manjayo ikhoza kubweza ngongole kapena kubala chiwongoladzanja. Ndiye ndalama za m'tsogolo zimayenera kuchepetsedwa kaye zisanafanizidwe ndi za lero.

Tiyerekeze kopaletivi ya alimi imene ili ndi K100 miliyoni basi, ndipo ndalama zake zimaidyera chiwongoladzanja cha 25 peresenti pachaka. Chigayo chifuna K30 miliyoni, ndipo atalipira magetsi, antchito ndi zokonzetsa, chizitsala ndi K20 miliyoni pachaka kwa zaka zitatu. Za chaka choyamba tigawa ndi 1.25, tipeza K16 miliyoni. Za chaka chachiwiri tigawa ndi 1.25 kawiri, tipeza K12.8 miliyoni. Za chaka chachitatu tigawa katatu, tipeza K10.24 miliyoni. Zonse pamodzi ndi K39 miliyoni ndi pang'ono, osati K60 miliyoni monga zimaonekera poyamba. Tikagawa 39 ndi 30, mlozo ndi 1.30. Pa kompyuta, mu Excel, masamu onsewa ndi mzere umodzi:

```
=NPV(0.25,20,20,20)/30
```

Tanthauzo lake n'lakuti kwacha iliyonse yoikidwa m'chigayo ikubwerera ndi matambala 30 pamwamba, chiwongoladzanja chitalipidwa kale. Mlozo ukaposa 1, ntchitoyo ikuonjezera chuma. Ukachepera 1, ntchitoyo ikudya mpamba ngakhale ndalama zizioneka zikulowa tsiku ndi tsiku.

Ntchito zinayi, thumba limodzi

Kopaletivi ija ili ndi maganizo ena atatu, onse owerengedwa mwa njira yomweyo. Makina oyengera mafuta a mpendadzuwa afuna K40 miliyoni ndipo adzabweretsa za mtengo wa K54 miliyoni lero: phindu ndi K14 miliyoni, mlozo ndi 1.35. Mthirira wa mapampu a sola pa mahekitala 6 ufuna K30 miliyoni ndipo udzabweretsa K37.5 miliyoni: phindu ndi K7.5 miliyoni, mlozo ndi 1.25. Lole ifuna K90 miliyoni ndipo idzabweretsa K108 miliyoni: phindu ndi K18 miliyoni, mlozo ndi 1.20. Chigayo chija phindu lake ndi K9 miliyoni.

Pamsonkhano ambiri adzaimika manja pa lole, chifukwa palibe ntchito ina yofika pa K18 miliyoni. Koma lole ikagulidwa, m'thumba mutsala K10 miliyoni yosakwanira china chilichonse. Tikandandalika ntchitozi potsata mlozo, makina a mafuta atsogola, kenako chigayo, kenako mthirira, lole pamapeto. Zitatu zoyambazo zifuna 40, 30 ndi 30, ndiye kuti K100 miliyoni ndendende, ndipo phindu lake pamodzi ndi K30.5 miliyoni. Ndalama ndi zomwezo, koma kusankha lole kukanatayitsa mamembala K12.5 miliyoni. Ntchito yaikulu imaoneka yonona chifukwa cha kukula kwake. Mlozo umafunsa kuti yadya mpamba wochuluka bwanji kuti ifike pamenepo.

Pamene mndandanda umanama

Lamulo lotsika ndi mndandanda mpaka ndalama zitatha limalondola ngati ntchito zikulowa m'thumba popanda chotsala, kapena ngati zingathe kugawika. Tinene kuti banki yadula ngongole, kopaletivi yatsala ndi K60 miliyoni. Potsata mndandanda, tigula makina a mafuta pa K40 miliyoni, ndipo K20 miliyoni yotsalayo siyikwanira chigayo, pakuti theka la chigayo siligaya. Phindu likhala K14 miliyoni. Koma tikadumpha ntchito yotsogolayo n'kutenga chigayo ndi mthirira, ndalama zitha ndendende ndipo phindu ndi K16.5 miliyoni. Ntchito yachiwiri ndi yachitatu zapambana yoyamba chifukwa sizinasiye ndalama zogona.

Palinso njira yachitatu. Mthirira umagawika. Ngati mtengo ndi zokolola zimatsika molingana ndi malo, mahekitala 4 m'malo mwa 6 afuna K20 miliyoni ndipo phindu lake ndi K5 miliyoni. Makina a mafuta ndi mthirira wochepetsedwawu zipereka K19 miliyoni, kuposa njira ziwiri zija. Choncho chizindikiro choti mndandanda ukhoza kusocheretsa ndi ndalama zambiri zotsala. Zikatsala, yesani kuphatikiza ntchitozo mosiyanasiyana, funsani ngati ina ingachepetsedwe, ndipo sankhani gulu limene phindu lake lonse ndi lalikulu. Vutoli si lachilendo: James Lorie ndi Leonard Savage analemba za ilo mu 1955, ndipo makampani okhala ndi ntchito zambirimbiri amaligonjetsa ndi masamu a pa kompyuta. Ntchito zikakhala zinayi kapena zisanu, pepala ndi cholembera zimakwana.

Mlozo sulinso woyenera kudalira pawokha pamene ntchito ziwiri zikulimbirana malo amodzi, monga chigayo chaching'ono ndi chachikulu pa poloti imodzi. Chaching'ono chingakhale ndi mlozo wapamwamba pamene chachikulu ndicho chibweretse phindu lochuluka. Umavutanso ngati malire a ndalama alipo chaka chino ndi chamawa chomwe, chifukwa umangoona mpamba woyambira wokha.

Manambala olowetsa

Mlozo umabweza zimene waupatsa. Magetsi akamathimathima, chigayo chija n'kumatsala ndi K15 miliyoni pachaka m'malo mwa K20 miliyoni, mtengo wa lero ugwa kufika pa K29.3 miliyoni, mlozo n'kukhala 0.98. Zomwezo zichitika ngati wolemba ndondomeko anaiwala K10 miliyoni yokokera magetsi pamalopo, chifukwa 39 kugawa ndi 40 siyifika 1. Ndiye m'ndalama zoyambira muzilowa zonse: mayendedwe, msonkho, kumanga, kulumikiza magetsi ndi ndalama zogulira mpendadzuwa woyamba kuyenga. Komanso ntchito zonse ziwerengedwe mofanana pa nkhani ya kukwera mitengo kwa zinthu, kuti ina isaoneke yabwino chifukwa chakuti mwini wake anakweza mitengo yogulitsira n'kusiya ya zogula ili pomwepo.

Komiti isanavote, ifunse zinthu zitatu pa ntchito iliyonse: ifuna zingati zonse pamodzi, mlozo wake ndi wotani, ndipo utsala pati zolowa zikatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ikatero indandalike ntchitozo, ione zotsala m'thumba, ndipo isankhe gulu lobweretsa phindu lalikulu pa ndalama zimene zilipo, ngakhale ntchito imene anthu amaikonda kwambiri itatsalira kunja.