Mutu 7: Kufufuza Mboni za Wophunzira

Mphunzitsi amene walandira pepala la kafukufuku kuti alichonge akhala ngati nyakwawa pabwalo la milandu, pakuti dzina lililonse la mlembi limene wophunzira watchula ndi mboni imene waitana, ndipo mboni iyenera kufunsidwa isanakhulupiridwe. Tiyerekeze kuti pa Yunivesite ya Livingstonia, imene Sinodi ya Livingstonia inatsegula m'chaka cha 2003 paphiri la Khondowe m'boma la Rumphi, wophunzira wina walemba za mbiri ya sukulu ya Overtoun, imene Dotolo Robert Laws anayambitsa pamalo omwewo mu 1894.

Ntchito yoyamba njopepuka, ingofuna kudekha. Wochonga aike chala kumapeto kwa pepala, kumene kuli mndandanda wa mabuku, nawerenge kuyambira tsamba loyamba, ndipo paliponse pamene apeza dzina ndi chaka achonge pamndandandapo. Akamaliza, dzina lotchulidwa m'kati koma losoweka kumapeto lionekera, monganso buku lokhala kumapeto limene silinatchulidwe paliponse, limene kawirikawiri laikidwa kuti mndandanda unenepe. Ayang'anenso ngati njira yolembera ili imodzi: wosankha njira ya APA alemba dzina ndi chaka m'kati mwa nkhani, naonjezera nambala ya tsamba akabwereza mawu enieni a mlembi, ndipo sayenera kusandukira pakati n'kuyamba kuika manambala otumiza owerenga m'munsi mwa tsamba. Zolakwa zotere nza ulesi, ndipo malikisi ochotsedwa akhale ochepa.

Koma pepala lingathe kukhala laudongo m'zonsezi, mipumiro ili m'malo mwake, pamene mboni zake zili zonama. Apa ndipo pagona ntchito yeniyeni. Wophunzira wathu walemba kuti Laws anasankha Khondowe atayendayenda kufuna malo okwera ndi ozizira, natchula Livingstone, 1921, koma pamndandanda walemba dzina la David Livingstone. Wochonga wodziwa mbiri aima pomwepo, pakuti David Livingstone anamwalira mu 1873, mishoni ya Livingstonia isanafike n'komwe ku Cape Maclear mu 1875, ndipo sakanachitira umboni zinthu za ku Khondowe. Buku la 1921 lotchedwa Laws of Livingstonia analemba ndi munthu wina, W. P. Livingstone. Kusokoneza kotere kuulula zambiri kuposa chilembo cholakwika: kusonyeza kuti mwina wophunzirayo bukulo sanaligwire m'manja, ndipo anangotola dzina m'nkhani ya munthu wina.

Chizindikiro chachiwiri chikhala chobisika koposa. Buku la John McCracken, Politics and Christianity in Malawi, linasindikizidwa koyamba ku Cambridge mu 1977, ndipo pambuyo pake linasindikizidwanso kuno kwathu m'mabuku a Kachere. Wophunzira akatchula chaka cha 1977 m'kati mwa nkhani, koma kumapeto n'kulemba wosindikiza wa ku Malawi, ndiye kuti wasakaniza mabuku awiri, ndipo popeza manambala a masamba angasiyane buku likasindikizidwanso, owerenga sadziwa kuti atsegule liti. Wochonga apite ku laibulale, atsegule tsamba lotchulidwalo, naone ndi maso ake ngati mfundoyo ilipo, ndiponso ngati ili monga momwe wophunzira wainenera. Pakuti nthawi zambiri mlembi anena kuti chinthu chioneka ngati chinachitika, wophunzira nalemba kuti chinachitikadi, ndipo potero wamunenetsa mlembi mawu amene sananene. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo cholakwa chamtundu umenewu sichioneka kwa munthu wongoyang'ana mndandanda.

Palinso umboni wakumva. Wophunzira atchula Reminiscences of Livingstonia, buku la Laws mwini la 1934, koma mawu onse amene watengamo ndi okhawo amene McCracken anatenganso, ndipo ayamba ndi kuthera pamalo omwewo. Kuwerenga Laws kudzera mwa McCracken si tchimo, makamaka kumene mabuku akale asowa. Chofunika n'kunena poyera kuti mawuwo anawapeza mwa McCracken, ndi kuika McCracken pamndandanda.

Palibe mphunzitsi amene angatsegule buku lililonse lotchulidwa m'mapepala a kalasi yonse, choncho asankhe mwanzeru: mawu obwerezedwa, ziwerengero, zaka, ndi mboni zimene mfundo yaikulu ya pepala yatsamirapo. Ine ndiona kuti ziwiri mwa zimenezi zikapezeka zabodza, pepala lonse liyenera kufufuzidwa, ndipo wophunzira aitanidwe, abwere ndi mabuku amene anawerenga, asonyeze yekha tsamba lililonse malikisi asanalembedwe.