Kukonza maphunziro a tsiku limodzi a kagwiritsidwe ntchito ka nthawi kwa antchito atsopano

Munthu amene wangolembedwa kumene ntchito sakhala mwini wa nthawi yake. Bwana wa nthambi amupatsa lipoti loti alembe, mkulu wina amutuma ku banki, mnzake wakale pantchitopo amupempha kuti amugwirire foni pang'ono. Poopa kuoneka waulesi kapena wamwano, iye amangoti “chabwino” kwa onse, kenako dzuwa limalowa ntchito yaikulu ija asanaigwire. Wokonza maphunziro a antchito atsopano ayenera kuyambira pa vuto limeneli. Akangowalalikira kuti azidzuka m'mamawa ndi kusunga nthawi, abwerera ku maofesi awo monga anabwerera.

Ntchito yokonza imayamba sabata imodzi tsikulo lisanafike. Aliyense apatsidwe pepala logawidwa m'mizere ya mphindi 30, ndipo kwa masiku atatu azilembapo zinthu ziwiri zokha: chimene anachita, ndi amene anamutuma. Auzidwe momveka kuti pepalalo ndi lake, silipita kwa abwana, chifukwa akakayika amalemba zongokometsera. Wophunzitsa achezenso ndi mabwana awiri kapena atatu kuti amve ntchito zimene zimachedwa kawirikawiri. Zitsanzo zonse za tsikulo zichokere m'mapepala ndi m'macheza amenewa.

Kenako awerengere nthawi imene ali nayo. Tiyerekeze kuti bungwe lina lalemba anthu 16, makalaliki, olandira alendo ndi othandizira ku maakaunti, ndipo maphunziro ayamba 8:00 m'mawa kutha 4:00 madzulo. Amenewa ndi maola 8, koma tikachotsapo ola la nkhomaliro, mphindi 35 za kupuma kuwiri, ndi mphindi 45 za kutsegulira ndi kutsekera, patsala maola 5 ndi mphindi 40. Nthawi imeneyi imakwanira magawo anayi basi. Ndondomeko yokhala ndi mitu khumi imasanduka ulaliki, ndipo anthu sapeza mpata woyeserera. M'gawo lililonse wophunzitsa alankhule mphindi zosapitirira 20, zotsalazo ophunzira agwire ntchito ndi manja awo.

Gawo loyamba, kuyambira 8:30 mpaka 10:00, ndi loona kumene nthawi imapita. Anthu akhale m'magulu a anayianayi, aliyense aphatikize maola a m'pepala lake: angati anapita ku ntchito imene anamulembera, angati ku zotumidwa mwadzidzidzi, angati ku kudikira siginecha kapena kufufuza fayilo. Kenako aliyense asankhe ntchito imodzi, anene nthawi imene ankaganiza kuti idzamutengera, ndi imene inamutengeradi. Akatswiri a maganizo Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anafotokoza mu 1979 kuti anthu timakonda kuchepetsa nthawi imene ntchito idzatitengere. Wantchito watsopano zimamuvuta koposa, popeza sanadziwe kumene zinthu zimasungidwa kapena amene amavomereza chikalata chilichonse.

Akamwa tiyi, gawo lachiwiri liyambe 10:20 mpaka 12:00, ndipo likhale la kusankha chimene chiyambe. Chida chodziwika ndi mabokosi anayi amene Stephen Covey anawatchukitsa m'buku lake la mu 1989, potengera mfundo imene Dwight Eisenhower, mtsogoleri wakale wa dziko la America, ankailankhula. Ntchito iliyonse imafunsidwa mafunso awiri: kodi ndi yofunika, nanga ndi yamsangamsanga? Taganizirani kalaliki wa ku maakaunti amene ali ndi ntchito zinayi m'mawa umodzi. Ndandanda ya malipiro iyenera kufika ku banki 12:00 isanakwane, kotero ndi yofunika komanso yamsanga, ndipo ayambe nayo. Lipoti lofunika pakatha masabata awiri ndi lofunika koma si lamsanga, choncho alipatse ola lake lodziwika, mwina Lachitatu masana. Mnzake amene akufuna kumukopera mapepala pompopompo wabwera ndi chamsanga koma chosafunika kwenikweni, ndipo angathe kudikira. Mauthenga a pagulu la WhatsApp akhale a nthawi yopuma.

Magulu aike ntchito zawo zenizeni m'mabokosiwa pa pepala lalikulu lomata kukhoma. Wophunzitsa akaona kuti pafupifupi zonse zaunjikana m'bokosi loyamba, adziwe kuti mfundo sinamveke: anthuwo akuyesa kufunika kwa ntchito poyang'ana udindo wa amene wawatuma. Pamenepo awafunse funso limodzi pa ntchito iliyonse: ikapanda kuchitika lero, chiwonongeke n'chiyani, ndipo avutike ndani?

Gawo lachitatu, 1:00 mpaka 2:30, ndilo mtima wa tsikulo. Limabwera anthu atadya nsima ndipo tulo tili pafupi, choncho likhale la sewero, anthu ataimirira. Atatuatatu: mmodzi akhale bwana, wina wantchito watsopano amene ali kale ndi ntchito m'manja, wachitatu azimvetsera, kenako asinthane. Wotsala wa nambala 16 alowe m'gulu limodzi ngati womvetsera wachiwiri. Chimene akuyeserera si kukana, popeza watsopano sangakanire abwana ake, koma kufunsa mwaulemu. Mwachitsanzo: “Zikomo bwana, ndamva. Pakadali pano ndikumaliza ndandanda ya malipiro yofunika ku banki 12 koloko. Kodi ndiyambe yanuyi, kapena ndikupatseni 2 koloko?” Mawu otere amabweza chisankho kwa amene ali ndi mphamvu yosankha. Ayesererenso kufunsa tsiku ndi ola lenileni pamene auzidwa kuti “ndikuifuna msanga”. Mabwana enieni asakhale m'chipindamo pa gawoli, chifukwa akakhalapo aliyense amangoti zii.

Gawo lomaliza, 2:45 mpaka 3:45, aliyense alembe dongosolo la sabata yotsatira. Tsiku lililonse likhale ndi ntchito zikuluzikulu zosaposa zitatu, iliyonse ndi ola lake, ndipo maola ngati awiri asiyidwe opanda kanthu kuti alandire zadzidzidzi. Dongosolo lodzaza mpaka m'mphepete limagwa Lolemba lomwelo. Amene ntchito yawo imafuna kukhazikika angayese njira ya Francesco Cirillo yotchedwa Pomodoro, yogwira mphindi 25 osadodometsedwa kenako kupuma mphindi 5. Koma wophunzitsa anene poyera kuti njirayi siithandiza wolandira alendo, amene ntchito yake ndi kuyankha aliyense wofika. Mphindi 20 zomaliza za gawoli ndi pamene mabwana alowe, aliyense akhale ndi anthu ake, aone dongosololo ndi kuvomereza zoyenera kuyamba.

Zinthu ziwiri zimawononga tsiku lotere kawirikawiri. Choyamba ndi kudikira mlendo wolemekezeka wodzatsegulira. Ndi bwino kupempha mkulu wa bungwe kuti adzalankhule potseka, kuti 8:00 ikakwana maphunziro ayambe ndi amene afika. Chachiwiri ndi kudalira makina oonetsera zithunzi, pamene magetsi angazime nthawi iliyonse. Ndondomeko yafotokozedwayi imangofuna mapepala ndi zolembera.

Mayankho a pa fomu yotsekera akuti “zinali bwino” sasonyeza ngati anthu aphunzira. Pakatha mwezi, onse alembenso pepala la masiku atatu lija, ayerekeze ndi loyamba, ndipo mabwana anene ngati atsopanowo ayamba kufunsa chimene chiyambe. Inu amene mwapatsidwa udindo wokonza maphunzirowa, lembani tsiku la kukumananso kumeneku pa ndondomeko yanu musanaitane munthu aliyense.